Ndalama yayikulu ya kumapeto ija, chiwongola dzanja chake alipira ndani?

Wobwereka: Amayi a pampando, ndithandizeni. Ndinatenga 120,000 ya miyezi 6, tinagwirizana kuti 60,000 ndidzapereka kamodzi kumapeto. Miyezi isanu ndalipira osaphonya. Lero akundiuza kuti mwezi wamawa ndibwere ndi 73,500. Zachokera kuti?

Msungichuma: Achemwali, 60,000 ndi ija tinasiyira kumapeto, 10,000 ndi ya mwezi ndi mwezi, 3,500 ndi chiwongola dzanja cha 5 peresenti pa 70,000 imene yatsala.

Wobwereka: Apo ndi pomwe ndikukana. 60,000 ija tinaiika pambali. Ikuberekanso bwanji?

Membala wina: Ngati ndi chindapusa muwakhululukire, ine munandidula chaka chatha mwana ali m'chipatala, zinandiwawa.

Msungichuma: Si chindapusa mayi, sanachedwepo awa. Achemwali, pambali tinaiika m'buku mokha, koma ndalamayo ili m'manja mwanu, sinabwerere m'bokosi. Kumbukirani mwezi woyamba munapereka 16,000. Pamenepo 10,000 inali yodula ngongole, 6,000 chiwongola dzanja pa 120,000 yonse. Mukanabweza monga timachitira tonse, bwenzi mukudula 20,000 mwezi uliwonse, woyambawo mukanapereka 26,000. Kupepuka kwake kunali kumeneko, mumadula theka lokha.

Mlembi: Ndiye kuti n'chimodzimodzi basi, ndalama yangosunthira kutsogolo. Palibe waluza.

Msungichuma: Yasuntha inde abambo, koma si chimodzimodzi. Wodula 20,000 ngongole yake imatsika msanga, chiwongola dzanja chimayenda 6,000, 5,000, mpaka 1,000, chonse 21,000. Cha achemwaliwa chimatsika ndi 500 yokha pamwezi, kuchoka 6,000 kufika 3,500, chonse 28,500. Kupuma kwa miyezi isanu kuja akugula ndi 7,500.

Wobwereka: Zimenezo simunandiuze tsiku lija. Ine ndinangomva zoti pamwezi zichepa. Ndikanadziwa ndikanalimba mtima n'kumadula 20,000.

Mlembi: Apo ndivomere, m'buku ndinangolemba kuti 60,000 kumapeto. Za chiwongola dzanja chake sindinalembe.

Wapampando: Ine chikundisowetsa tulo si 7,500. Tikugawana masheya mwezi wamawa womwewo. Mayi, 60,000 ilipo?

Wobwereka: Ndili ndi 40,000. Ndimadalira katundu amene sanatuluke. Yotsalayo ndiloleni ikhale ngongole yatsopano.

Msungichuma: Ikatero ibalanso chiwongola dzanja, komanso pogawana tidzagawana ndalama imene mulibe m'bokosi. Bola tidule pa masheya anu.

Wobwereka: Masheya anga ndi a fizi ya ana. Ndipo poti sizinalembedwe, gulu lisiyeko 3,500 yomalizayo.

Membala wina: Ine ndikuti isiyidwe, kulakwa ndi kwa tonse.

Msungichuma: Ine ayi. Miyezi isanu alipira motero, lero tisinthe?

Wapampando: Abambo mlembi, bwerani ndi buku Loweruka. Tikweza manja tonse tilipo.