Kodi kanema wa intavyu angatiuze zambiri bwanji za munthu wofuna ntchito?

Mwini funso: Akuluakulu onse a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene munalembapo anthu ntchito. Ndili m'komiti ya anthu atatu yomwe ikusankha wowerengera ndalama pa bungwe lathu laling'ono, ndipo mafunso tinachitira pa Zoom, tikujambula ndi chilolezo cha ofunsidwawo. Mtsikana mmodzi anayankha bwino kuposa anzake, koma wapampando wathu akuti tisamutenge chifukwa pa funso lachinayi, lonena za zomwe angachite ndalama za m'bokosi la mu ofesi zitasiyana ndi malisiti, anayang'ana pansi ndipo anayamba kulankhula mothamanga. Iwo akuti chimenecho ndi chizindikiro cha munthu amene ali ndi kena kake kumtima. Ndinaonera kanemayo kawiri n'kulemba mawu ake onse. Pa funso loyamba ananena mawu 210 m'masekondi 90, kutanthauza mawu 140 pa mphindi, pomwe pa funso lachinayi ananena mawu 228 m'masekondi 72, omwe ndi mawu 190 pa mphindi. Kuthamangako n'koona ndithu. Koma kodi nkoyenera kumumana ntchito pa chifukwa chimenechi?

Wophunzitsa za utsogoleri: Mayi, wapampando wanuyo sakulakwa kwenikweni. Akatswiri anapeza kale kuti mawu amanyamula magawo 7 okha pa 100 a uthenga, kamvekedwe ka liwu kamanyamula 38, ndipo nkhope ndi thupi zimanyamula 55. Ngati thupi likukana zomwe pakamwa pakunena, khulupirirani thupi.

Mayi amene akhala zaka zambiri akulemba anthu ntchito: Bambo, manambala amenewo alipodi, koma mwawasenzetsa katundu amene si wawo. Anachokera ku kafukufuku wa Albert Mehrabian wa m'chaka cha 1967, momwe anthu ankamvetsera liwu limodzi lokha lonenedwa mosiyanasiyana, kapena kulimvetsera akuona chithunzi cha nkhope, n'kumanena ngati wolankhulayo akumukonda mnzake kapena ayi. Zimenezo n'zosiyana kwambiri ndi munthu amene akufotokoza ndondomeko yoyanjanitsira malisiti ndi ndalama kwa mphindi yathunthu. Pa nkhani ya bodza, Charles Bond ndi Bella DePaulo anasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2006 ndipo anapeza kuti anthu amalondola pafupifupi ka 54 pa 100 posiyanitsa wonama ndi wonena zoona, kumene kuli kuposa pang'ono chabe kulota.

Tsopano kwa inu mayi mwini funso, mwachita bwino kuwerenga, koma chiwerengero chanu chasakaniza zinthu ziwiri, liwiro la lilime ndi nthawi imene munthu wakhala chete. Tengani mawu a kanemayo muwatsegule mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yoonetsa mawu ojambulidwa ngati mzere wokwera ndi kutsika, ndipo mudzaona kuti pamene munthu wasiya kulankhula mzere umakhala wathyathyathya. Phatikizani masekondi a malo onse oterowo pa yankho lililonse, muwachotse pa nthawi yonse, kenaka muwerengenso. Kawirikawiri munthu amakhala chete kwambiri pa funso loyamba chifukwa mtima sunakhazikike, ndipo akafika pa funso lomwe akulidziwa bwino amangoyenda osaima. Mukatero mutiuze zomwe mwapeza.

Mnyamata wofuna ntchito: Pepani kulowerera akuluakulu. Ine ndili ndi intavyu sabata yamawa, ndiye ndilankhule mawu angati pa mphindi kuti anditenge? Ndinadzijambula pa foni ndikuyeserera m'Chichewa ndipo ndinapeza mawu 85 okha, moti ndikuda nkhawa kuti ndimalankhula mozengereza.

Mphunzitsi wa zilankhulo: Achimwene, funso lili pano ndi la olemba ntchito, komabe musadziyese ndi muyeso wa eni ake. Nambala ya mawu pafupifupi 150 pa mphindi yomwe imatchulidwa kawirikawiri ndi ya Chingelezi, chimene mawu ake ambiri ndi afupiafupi. Kwathu kuno liwu limodzi monga “sindinawauzenso” lili ndi maphatikizo 7, ndipo m'Chingelezi lingafune mawu asanu kapena kuposerapo. Poyerekeza zilankhulo ziwiri tiyenera kuwerenga maphatikizo, osati mawu. Izi zikukhudzanso mayi mwini funso ngati mtsikanayo anasakaniza zilankhulo pa yankho lina.

Mwini funso: Zikomo aphunzitsi, mtsikanayo anayankha zonse m'Chingelezi. Mayi, ndachita monga munanenera. Pa funso loyamba anakhala chete masekondi 20, choncho mawu 210 anawanena m'masekondi 70, omwe ndi 180 pa mphindi. Pa funso lachinayi anakhala chete masekondi 4 okha, ndipo mawu 228 m'masekondi 68 akupereka pafupifupi 201. Kusiyana kwa 50 kuja kwatsika kufika pa 21. Ndaonanso china chimene chinandiphonya poyamba: pamene anayang'ana pansi, dzanja lake lamanja linkayenda pang'onopang'ono m'munsi mwa chithunzi, ndipo pa sekondi ina nsonga ya cholembera ikuoneka.

Mayi amene akhala zaka zambiri akulemba anthu ntchito: Ndiye kuti mtsikanayu ndi wolankhula mofulumira chibadwire, ndipo chomwe chinasintha kwambiri ndi kuima, osati lilime. N'kutheka kuti ankalemba manambala a m'funso lanu, monga amachitira aliyense wozolowera ntchito ya ndalama. Komanso kumbukirani mmene laputopu inapangidwira: kamera ili pamwamba, nkhope zanu zili m'munsi mwake pa sikirini, kotero munthu amene akukuyang'anani inu m'maso amaoneka ngati wawerama, makamaka ngati laputopuyo waiika pa tebulo lalifupi. Onjezerani kuti ambiri a ife tinaleredwa kuti mwana waulemu sathwanulira maso akuluakulu, ndipo wapampando wanu ayenera kuti ndi wamkulu kwa iye.

Sindikunena kuti mtsikanayo ndi wokhulupirika, chifukwa kanema sangatiuze zimenezonso. Kanema amathandiza pa zinthu zooneka poyera, monga ngati munthu anayankha funso lomwe anafunsidwa, ngati mawu ake amamveka, kapena ngati amadula anzake pakamwa, ngakhale apanso netiweki ikachedwetsa mawu munthu waulemu amaoneka wodula pakamwa. Chifukwa chimene munthu wachitira chinthu sichijambulika. Ngakhale kampani ya ku America ya HireVue, yomwe inkagwiritsa ntchito makina oyeza nkhope za ofuna ntchito, inalengeza mu 2021 kuti inasiya kuyeza nkhope. Ndikanakhala ine, aliyense wa atatu inu akanawerenga yekha yankho lolembedwa lija osaona nkhope, n'kupereka malikisi poona ngati anatchula kuwerenganso ndalama pamaso pa mboni, kulemba kusiyanako ndi kudziwitsa womuyang'anira. Za kukhulupirika mufunse kumene anagwirako ntchito kale.

Wophunzitsa za utsogoleri: Za manambala aja ndavomera, mayi. Koma 21 yotsalayo sinafotokozedwe, ndipo ine ndinalembapo munthu amene mtima unkandikaniza, patapita miyezi isanu ndalama zinasowa.

Mayi amene akhala zaka zambiri akulemba anthu ntchito: Pepani nazo zimenezo bambo, koma amene munawakana chifukwa cha mtima womwewo simunawaone akugwira ntchito, ndiye simungadziwe kuti munalondola kangati. Kuti 21 ikhale ndi tanthauzo, mayi ayeze mayankho onse a mtsikanayo, osati awiri okha, aone ngati lachinayi lapatukadi pa anzake.

Mwini funso: Mafunso analipo 8, ndiye ndiyeza 6 otsalawo usiku uno, pamodzi ndi mayankho a ofunsidwa ena awiri pa funso lachinayi lomweli. Chimene chikundivutabe n'chakuti wapampando anaonera kale kanemayo katatu, moti sindikuona mmene angawerengere pepala lija osakumbukira nkhope. Komiti ikukumana Lachinayi m'mawa.