Kompoziti ya dzinja yatuluka mbuu, mitambo yakanika kuchoka

Kadzidzi: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Mu Google Earth Engine ndikufuna kompoziti, chithunzi chimodzi chophatikiza zithunzi zambiri za setilaiti ya Sentinel-2, ya Januwale ndi Febuluwale 2023 yoti ndisiyanitsire minda ndi tchire mbewu zili pachimake. Ndatenga `COPERNICUS/S2_SR_HARMONIZED`, ndasefa ndi `CLOUDY_PIXEL_PERCENTAGE` pansi pa 20, masiki ndi QA60 mabiti 10 ndi 11, kenako `median()`. Pa zithunzi 12 za thailo yangayo zatsala ziwiri zokha. Chotulukacho ndi zigamba zokhazokha, kwina mbuu, kwina bii, NDVI ya minda, muyeso uja wa kubiriwira kwa zomera, ikungovina. Masikiyo ikuoneka ngati sikugwira n'komwe. Mapu akufunika sabata ino. Ndalakwitsa pati?

Namondwe: Dzinja mumalimbana ndi chiyani ndi mitambo? Tengani Sentinel-1 basi. Rada imaboola mtambo, VV ndi VH zikukwanirani.

Nthanda: A Kadzidzi, masiki yanuyo sikugwiradi. Mu Earth Engine bandi ya QA60 ilibe kanthu pa zithunzi za kuyambira 25 Januwale 2022 mpaka kumapeto kwa Febuluwale 2024, ndiye 2023 yanu ili m'kati mwenimweni mwa dzenjelo. Dinani pikiseli imodzi ya pamtambo mu Inspector muone chimene QA60 ikupereka. Komanso ngakhale ikanakhalapo, ndi ya mamita 60 ndipo mthunzi wa mtambo siiudziwa. Zigamba zakuda mukunenazo ndi mithunzi.

Koma chimene chakupwetekani kwambiri ndi sefa ya 20 ija. Nambala imeneyo ndi ya thailo yonse, pafupifupi makilomita 110 mbali iliyonse. Chithunzi cholembedwa 70 chimatha kukhala choyera bwinobwino pamwamba pa dera lanulo, inu n'kuchitaya osachiona. Dzinja musamataye zithunzi, muzitaya mapikiseli. Kwezani sefayo ifike 80 kapena ichotseni, masiki yabwino igwire ntchitoyo.

Tsokonombwe: Ine ndimangokulitsa nyengo. Ikani miyezi isanu ndi umodzi, kufikira mvula itasiya, `median()` imayeretsa yokha popanda masiki iliyonse. Sindinavutikepo.

Kadzidzi: Achimwene, mvula ikasiya mbewu zauma, ena akolola kale. Ndikufuna zobiriwira za pachimake, osati chithunzi chokongola chopachika pakhoma.

Nthanda: A Tsokonombwe akunena zoona mbali imodzi: `median()` imataya mtambo ngati maonedwe oyera aposa theka pa pikiseliyo. Vuto ndi loti dzinja saposa. Tiyerekeze pikiseli ya m'munda yatsala ndi maonedwe atatu a NDVI, 0.72 tsiku loyera, 0.30 pansi pa kankhungu kopyapyala, 0.15 m'mphepete mwa mtambo. Wapakati ndi 0.30, ndiye munda wobiriwira uja ukuoneka ngati dothi la udzu wapatalipatali. Chowawa n'chakuti pamapu sizioneka ngati mtambo, zimaoneka ngati nthaka yeniyeni, ndipo mukazipereka palibe amene angakayike.

Ndiye musanayang'ane mitundu ya kompozitiyo, werengani kaye kuti pikiseli iliyonse yaonedwa kangati ili yoyera. Apa `s2` ndi zithunzi zanu za Sentinel-2 zija, ndipo `cs_cdf` ndi bandi ya Cloud Score+ yoyeza kuyera kwa pikiseli:

```
var cs = ee.ImageCollection('GOOGLE/CLOUD_SCORE_PLUS/V1/S2_HARMONIZED');
var oyera = s2.linkCollection(cs, ['cs_cdf']).map(function(i) {
  return i.updateMask(i.select('cs_cdf').gte(0.6));
});
var n = oyera.select('B8').count().unmask(0);
```

Ikani `n` pamapu. Pamene pali 1 kapena 2 musakhulupirirepo kanthu. Ine pansi pa 3 ndimasiya dzenje, ndipo bandi imeneyi ndimaipereka limodzi ndi mapuwo. 0.6 ija si lamulo. Mukaikweza kankhungu kamachepa koma maenje amachuluka, ndiye yesani 0.5 ndi 0.65 pa chithunzi chimodzi chimene mukuchiona ndi maso.

Namondwe: Mwaonatu. Makodi onsewa kuti mapeto ake mupereke mapu a maenje. Sentinel-1 ilibe dzenje.

Phwiti: Poti mwatchula masiki, chenjerani ndi SCL, bandi ya Sentinel-2 yogawa mapikiseli m'makalasi. Ine nthawi ina ndinachotsa makalasi 3, 8, 9 ndi 10 monga timachitira tonse, kompoziti n'kutuluka yoyera mpaka ndinadzitama. Titafika pokambirana, wina akuti kodi tauni yapita kuti. Madenga owala ndi mchenga wa mumtsinje zinali zikulowa mu kalasi 8 pafupifupi chithunzi chilichonse, ndiye malo amenewo anali maenje okhazikika. Mbali ya phiri yosawombedwa dzuwa nayo inkasokonezeka ndi mthunzi wa mtambo. Chizindikiro chake n'chosavuta: dzenje likakhala pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, ndipo lili ndi ngodya zowongoka, si mtambo umenewo. Mtambo suima pamodzi miyezi iwiri.

Tsokonombwe: Nanga bwanji `qualityMosaic('NDVI')`? Imasankha tsiku lobiriwira kwambiri pa pikiseli iliyonse, mtambo uli ndi NDVI yotsika ndiye ugwa wokha. Zobiriwira za pachimake mukufunazo ndi zimenezo.

Nthanda: Paminda imathandiza ndithu, koma muikepo masiki kaye. Pamadzi imachita zosemphana, chifukwa NDVI ya madzi ili pansi pa ziro pomwe ya mtambo ili pafupi ndi ziro, ndiye imasankha mtambowo, damu lonse n'kutuluka mbuu. Mthunzinso umainamiza. Mumthunzi bandi yofiira B4 imatsikira pafupi ndi ziro, ndipo pogawa timanambala ting'onoting'ono NDVI imatha kudumpha kuposa ya tsiku loyera. Njirayi imathamangira nambala yapamwamba, choncho imatola zolakwika zomwezo. Ine ndimakonda `ee.Reducer.percentile([75])` pa NDVI yokhayokha, maonedwe akakhala okwanira.

Phwiti: Za mthunzizo, anthu amaiwala kuti sugwa pansi penipeni pa mtambo. Mtambo wa makilomita 2 m'mwamba, dzuwa litapendekeka madigiri 30 kuchoka paliwombo, mthunzi wake umagwa kupitirira kilomita imodzi kumbali. Bafa ya mamita 50 kuzungulira mtambo siingaugwire. Amene mukugwiritsabe `COPERNICUS/S2_CLOUD_PROBABILITY` muyenera kuuponya nokha potsata `MEAN_SOLAR_AZIMUTH_ANGLE`, n'kusunga pokhapo pamene B8 yada. Mukalakwitsa mbali yoponyera mumafufuta minda yabwino, mithunzi n'kutsala ili phee. Zinandionekerapo pa ntchito ya munthu wina, tinataya tsiku lathunthu tikufufuza.

Namondwe: Ndibwerezanso, rada ilibe mthunzi wa mtambo.

Nthanda: A Namondwe, palibe akukana kuti rada imaona dzinja. Koma mvula ikangogwa, dothi ndi masamba zanyowa, VV imakwera ngakhale mbewu sizinasinthe. Onjezani timadontho ta phokoso tija, pa minda ing'onoing'ono mukasalaza malire amasungunuka. Komanso mu 2023 kunali Sentinel-1A yokha, 1B inafa mu Disembala 2021, ndiye malo ambiri ankaonedwa kamodzi pa masiku 12. Yothandizira pamene `n` yatsika, eya. Yolowa m'malo mwa NDVI, ayi.

Namondwe: Kamodzi pa masiku 12 koma kotsimikizika. Inu masiku 5 anuwo mwapeza zithunzi zingati? Ziwiri.

Kadzidzi: Ndachotsa sefa, ndaika `cs_cdf` pa 0.6. Kuchigwa `n` ikufika 4 mpaka 5, koma kumapiri ndi 0 ndi 1 yekhayekha, ndipo minda yambiri ili komweko. Kodi ndiwonjezere Landsat 8 ndi 9?

Phwiti: Mungathe, ziwirizo pamodzi zimadutsa masiku 8 aliwonse, masiki yake ili mu `QA_PIXEL`, biti 3 mtambo, biti 4 mthunzi. Koma ndi mamita 30, ndipo mabandi ake safanana ndendende ndi a Sentinel-2, mukangosakaniza mudzaona msoko pamene zakumana. Onani HLS, zithunzi za Landsat ndi Sentinel-2 zimene anazigwirizanitsa kale. Kungoti mtambo wa paphiri umabwera pafupifupi m'mawa uliwonse, ndipo masetilaiti onsewa amadutsa m'mawa womwewo. Musayembekezere zambiri.

Tsokonombwe: A Phwiti, HLS imeneyo mumaitenga mu Earth Engine momwemo kapena mumachita kutsitsa? Ine ulendo watha inandithera malo pa kompyuta.

Namondwe: Kumapiriko ndiye kofunika rada kumene.

Phwiti: Rada yoyang'ana cham'mbali, paphiri? Mbali yoyang'anana nayo imawala mopanikizika, ya kuseri imada. Mwakonzapo kale zimenezo inu, a Namondwe?