Ndime zakumapeto kwa kontilakiti zandizunguza mutu, thandizeni

Abale, amene mumadziwako zamalamulo ndithandizeni. Bizinesi yanga yoyamba ndi ya mazira, ndimapereka matileyi 50 sabata iliyonse ku loji ina ku Mangochi. Posaina ine ndinangoyang'ana mtengo basi, tindime tatsamba lomaliza tija ndinkangoti nzokongoletsa pepala.

Tinagwirizana kuti azilipira pasanathe masiku 30, akachedwa pakhale chiwongola dzanja, koma miyezi itatu yotsatizana alipira mochedwa ine nkumangolandira osayankhula kanthu poopa kutaya kasitomala. Ndiye pali ndime ya weva, mmene ndaimvera ikuti ukasiya kugwiritsa ntchito ufulu wako kamodzi sindiye kuti wautaya, kuutaya nkuchita kulemba ndi kusaina. Ndiye kuti chiwongola dzanja cha miyezi itatu ija ndingachiitanitsebe? Vuto ndilakuti mwezi wachiwiri ndinawayankha amanijala pa WhatsApp kuti "palibe vuto bwana", kodi kameneko sikangatengedwe ngati ndalemba kale?

Ina ndi ya sevarabiliti, ikuti khoti likapeza kuti ndime imodzi njosemphana ndi malamulo imachotsedwa yokhayo, zinazo zimapitirira. Poyamba ndinasangalala, kenako ndinaona kuti muli ndime yondiletsa kugulitsa mazira ku loji ina iliyonse m'boma lonse kwa zaka 5 tikasiyana, zaka 5 abale, nkhuku zidya chani? Ndimaganiza kuti imeneyi ikagwa kontilakiti yonse yagwa, kani ayi. Nanga khoti limaifufutiratu yonse, kapena limangodula zakazo nkundisiyira chiletso chachifupi?