Atachimenti ndiilembe pati pa CV? Thandizeni abale

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu ndithandizeni mutu wandiima. Ndikumaliza ku tekiniko koleji chaka chino, ndaona ntchito ina yomwe akutseka Lachisanu koma akufuna munthu woti anagwirapo zaka 2. Ine yolipidwa sindinagwirepo, ndili ndi ma atachimenti awiri basi, oyamba miyezi 6 enawo miyezi 4, ndiye achiwiriwo anandizunza heve, thiransipoti ndimalipira ndekha, nkhomaliro chinangwa, alawansi anangolonjeza mpaka lero ziii, supavaiza wake foni sayankha. Kunyumba malume amene amandilipilira fizi ayamba kale kuyankhula zoti mwana wa aneba anapita ku Joni pano akumanga nyumba, laputopu yomwe munali CV yanga mnzanga wa mu hositelo anaithira tiyi. Nde ma atachimentiwa ndiwaike ku mbali ya sukulu kapena ku mbali ya ntchito? Kapena ndingolemba kuti ndimagwira ntchito konko? Musanditukwane chonde.

Kapitawo Wakale:
Mphwanga siya kutaya nthawi ndi mapepala. Ine ndagwira pa saiti zaka zambiri, palibe tsiku ndinalembapo munthu ntchito chifukwa cha CV. Ndimampatsa chida nkumuuza kuti panga tione, mphindi 10 ndadziwa kale. Ana a masiku ano satifiketi phwii koma kugwira pulayazi ngati akugwira supuni. Gula zida zako uyambe wekha, TEVETA mu dzina lake momwemo muli mawu okhudza bizinesi, sanakuphunzitse kuti uzikapempha ntchito.

Nachisale wa ku Area 25:
A Kapitawo zidazo agula ndi chani poti mwamva kuti nkhomaliro chinali chinangwa? Mwana wafunsa za CV muyankheni za CV.

Mjomba wa ku Mangochi:
Pitani mukafunse ku ESCOM kapena ku Illovo achimwene, amatenga ana a atachimenti, mungotenga kalata yaku koleji

Nachisale wa ku Area 25:
Werengani bwino Mjomba, atachimenti anapanga kale, sakufuna malo

Mayi a Mapasa:
Achimwene mwatiuza za tiyi ndi za malume koma simunatiuze kuti mukuphunzira chani komanso ntchitoyo ndi yanji. Popanda zimenezo tingokuuzani theka. Ine ndimagwira mu ofesi ya kontirakita, makalata ofunsira ntchito amayamba kudutsa pa desiki panga asanafike kwa abwana. Funso lanu loyamba yankho ndi ili, atachimenti isakhale pansi pa sukulu. Mukaibisa pansi pa dzina la koleji ine ndikatsegula CV ndimaona mbali ya ntchito ili mbee ndiye ndimaiika pambali. Ipatseni mutu wake, lembani "Industrial Attachment" kapena "Practical Experience", ndipo ikhale patsamba loyamba. Kampani iliyonse mulembe dzina lake, dera, mwezi ndi chaka chomwe munayamba ndi chomwe munamaliza, kenako udindo wanu weniweni kuti munali wophunzira. Funso lachiwiri, ayi musalembe kuti munali wantchito. Timaimba foni, ndipo akangoyankha kuti aaa ameneyo anali mwana wasukulu, zonse zomwe mwalemba sitizikhulupiriranso ngakhale zoona zomwe.

Jah Man Ndirande:
Aise ingophatikiza 6 ndi 4 ikhale 10, uikokere pang'ono ikwane chaka, ulembe chaka chimodzi basi. Aliyense amapanga choncho

Mayi a Mapasa:
Kuphatikizako nkwabwino, mu kalata atha kunena kuti ndili ndi miyezi 10 yogwira ntchito pamalo awiri. Kukokerako nde ayi, miyezi ikaoneka pa kalata ya kampani ndi mu logibuku, zikasiyana wagwidwa ndi masamu a sitandade 2.

Kapitawo Wakale:
Mwaonatu zomwe ndikunena?? Mu maofesimu amangowerenga miyezi. Ndinali ndi mnyamata wopanda ndi MSCE yomwe, anangokhoza tiredi tesiti Giredi 3, koma amaposa a dipuloma atatu. Mapepala sayatsa nyumba mayi.

Mayi a Mapasa:
Zoona bambo, koma kuti afike pomugwiritsa chidacho ayenera aitanidwe kaye, ndipo chomuitanitsa ndi pepalalo.

Membala wobisa dzina:
Pepani ndinaiwala. Ndikupanga zamagetsi, levulo 3. Atachimenti yoyamba inali kwa kontirakita timawaya nyumba ndi ma ofesi, yachiwiri inali pa fakitale ina ku Kanengo. Ntchitoyo ndi yokonza magetsi pa fakitale yopanga ufa. Pa CV yakale ndinalemba kuti ndimathandiza amisiri pa ntchito zosiyanasiyana komanso ndine wolimbikira

Mayi a Mapasa:
Eya apa nde tayamba. Chiganizo chimenecho chotsani, ana onse amalemba chomwecho ndipo sichindiuza ngati mumawaya kapena mumangonyamula makwerero. Tengani logibuku yanu muitsegule sabata ndi sabata, chilichonse chomwe munagwira ndi manja anu muchilembe papepala lapadera, ndi nambala zake. Kwa kontirakita kuja mwina zituluka zonga izi, ndinaika mapaipi ndi kukoka waya m'nyumba 3 za zipinda zogona zitatu, waya wa 1.5 mm² wa magetsi ounikira, 2.5 mm² wa masoketi, 6 mm² wa kuka, ndinamanga bokosi la mabureka pansi pa uyang'aniro wa mmisiri, ndinayeza nawo mawaya ndi chida cha mega tisanayatse. Manambalawo muike anu enieni, ine ndangopereka chitsanzo. Ndipo musiyanitse zomwe munapanga nokha, zomwe munapanga wina akukuyang'anirani, ndi zomwe munangoonerera. Zongoonererazo zisalowe.

Koma poti ntchito ndi ya pa fakitale ya ufa, iwowo kuwaya nyumba sikuwakhudza kwambiri. Mutu wawo uli pa ma mota, chigayo chikaima akufuna munthu woti apeze vuto msanga. Nde ya ku Kanengo ija, ngakhale ndi yaifupi komanso inakuwawani, ndi imene ikhale pamwamba ndipo itenge mizere yambiri, 4 kapena 5, ya kontirakita mizere 2 kapena 3 yakwana. Mwamwayi ndi yomwenso ili yaposachedwa ndiye dongosolo silisokonekera. Kumeneko mumapanga chani kwenikweni?

Membala wobisa dzina:
Timasintha ma kontakita opsa, ma beringi a mota, ndinawayako sitata ya sita-delita kawiri, kamodzi ndekha supavaiza anangobwera kudzaona. Jenereta timangoyang'ana oilo ndi batire m'mawa uliwonse

Mayi a Mapasa:
Ndiye mumabisa zimenezi nkumalemba kuti ndinu wolimbikira? Mzere woyamba ukhale wa sita-delita umenewo, mutchule kukula kwa mota mu kW ngati munalemba mu logibuku, ndipo munene poyera kuti kamodzi munawaya nokha supavaiza nkuvomereza. Wachiwiri ma kontakita, munene kuti mumayamba mwapeza vuto kenako nkusintha, ngati zinalidi choncho. Wachitatu ma beringi. Jenereta mulembe kuti mumaiyendera tsiku ndi tsiku, osati mumaikonza. Mawu achingerezi omwe ali mu chilengezo chawo muwagwiritse ntchito omwewo pamene akugwirizana ndi zomwe munachita, chifukwa woyamba kuwerenga kawirikawiri si wamagetsi, amangofananiza ndi chilengezo.

Kapitawo Wakale:
Apa pokha ndigwirizana nawo. Koma mphwanga dziwa kuti ukalemba sita-delita ndikufunsa pompo, mota yako ili ndi nsonga zingati, ukapanda kunena 6 tuluka. Ma kontakita angati, atatu ndi taima, ndipo undiuze chifukwa chake wa sita ndi wa delita sayenera kulowa limodzi. Ukalemba mega ndikufunsa umayeza pa ma voti angati, ndikufuna kumva 500, ndipo ikawerenga pansi pa 1 megaomu umayatsa kapena ayi. Anyamata amalemba zinthu zokopera kwa anzawo, kuwafunsa kangoti kakasi. Nchifukwa chake ine ndimati MAPEPALA NDI BODZA.

Nachisale wa ku Area 25:
Mwayamba bwino mwamaliza ndi nyimbo yanu yomwe ija kkkk

Mlongo wa Telala:
Inu mukunena za logibuku, ine yanga inasowa ndi supavaiza. Ndinapanga atachimenti ya zosoka pa shopu ina ku Limbe, tsiku lomaliza ndinawasiyira kuti asaine, kubwerera ndinapeza anasamuka. Ndinalira ngati pamaliro. Mpaka lero miyezi imeneyo ndilibe umboni wake, pano ndikusoka pakhonde

Mayi a Mapasa:
Pepani asisi. Ndipo mwakhudza pomwe pali vuto la achimwenewa, supavaiza wosayankha foni uja. Achimwene kalata yomalizira muli nayo? Logibuku anasaina?

Membala wobisa dzina:
Logibuku anasaina masabata onse kupatula awiri omaliza. Kalata sanandipatse, ndinachoka titakangana za alawansi

Mayi a Mapasa:
Supavaizayo musamuike pa anthu okuchitirani umboni. Pitani nokha ku ofesi yoona za antchito pa fakitalepo ndi kalata ija yaku koleji yomwe anakulandirirani, mukapemphe kalata yongotsimikiza kuti munali pamenepo kuyambira mwezi wakuti mpaka wakuti, ya sitampa. Za alawansi tsiku limenelo musazitchule, ndi nkhani ya ulendo wina. Akakana, mphunzitsi amene amabwera kudzakuyenderani pa atachimenti ndi mboni yokwanira, muikeni iyeyo pamodzi ndi kontirakita uja. Onse muwaimbire kaye musanalembe nambala zawo, ena timawaimbira nkumafunsa kuti ameneyo ndani. Pa intavyu logibuku munyamule.

Jah Man Ndirande:
Ine ndikanangoichotsa ya ku Kanengoyo man, akaimba okha ku fakitaleko akamva zoti unakangana ndi abwana basi yapita

Mayi a Mapasa:
Zitha kutheka, sindikana, anthu a m'mafakitale amadziwana. Koma akaichotsa watsala ndi nyumba zokha, pa ntchito iyi alibe poyambira. Ine ndikanaisiya.

Bambo a Tadala:
Zaka 2 zija bwanji, palibe wayankhapo. Kutumiza uli ndi miyezi 10 si kungotaya ndalama ya fotokope?

Kapitawo Wakale:
Nkutaya. Ntchitozi amalengeza ali naye kale munthu wawo

Mayi a Mapasa:
Si zonse bambo. Akapezeka a zaka 2 ambiri iyeyu saitanidwa, chimenecho adziwiretu. Koma nthawi zina ofunsira amakhala a nyumba okhaokha, wodziwa mota nkusowa, apo wa miyezi 4 pa fakitale amaitanidwa. Mu kalata anene yekha kuti zaka 2 sizinakwane, atchule zomwe wagwira ndi mwezi womwe akumaliza sukulu, chifukwa sanamalizetu ndipo asalembe ngati satifiketi ili m'manja. Ngati akutumiza pa imelo ikhale PDF, masamba asapose 2.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri mayi. Nanga maganyu? Pa holide ndimawaya nyumba za anthu kumudzi ndi kuika ma sola, amandilipira ndithu. Ndiziike?

Nachisale wa ku Area 25:
Ikani, imeneyotu ndi ntchito yolipidwa yomwe mumati mulibe

Kapitawo Wakale:
Sola ika. Koma nyumbazo unawaya pa laisensi ya ndani? A MERA unawamva? Yankha kaye chimenecho usanadzilembere mlandu wekha ndi taipi