Kalata yokana loni: bambo abwera katatu akuganiza kuti zikuyendabe

Wamaloni ku Limbe: Akuluakulu ndithandizeni kaye. Pali bambo ena a ku Chirimba anapempha loni ya K3,000,000 yobweza miyezi 24, akredit anakana sabata ziwiri zapitazo ndipo kalata tinawapatsa, koma abwera katatu, dzulo abwera ndi peyisilipu yatsopano komanso kalata ya abwana awo akuti mwina ndi zomwe zikuchedwetsa. Ndawerenganso kalata yathu ija ndipo sindikuwadabwa. Ndime yoyamba yonse ndi yothokoza, kenako pakati penipeni mpomwe pali mawu oti "pakadali pano sitingathe kupitiriza ndi pempho lanu malinga ndi ndondomeko za banki", kumapeto tikuwauza kuti khomo ndi lotsekula. Amanijala andiuza ndilembe ina ya Chichewa.

Mayi a kukredit: Chifukwa chenicheni chokanira chinali chani achimwene? Kalata siilembeka musanayankhe limenelo

Wamaloni ku Limbe: Malipiro mayi. Akachotsa msonkho ndi penshoni amatsala ndi K420,000, ali kale ndi ngongole ku SACCO yomwe amabweza K130,000 pamwezi, yathuyi ikanakhala cha m'ma K175,000. Kwathu kuno zobweza zonse pamodzi zisapitirire 40% ya zomwe munthu amalandira.

Wapakauntala ku Ginnery: Aaa ingolembani kuti dzina lawo lili ku CRB, kosunga mbiri ya ngongole za anthu kuja, basi, anthu akangomva CRB sabweranso kkkk

Mayi a kukredit: Ayi mwanawe, zimenezo ndiye zoyikitsa munthu m'mavuto. Bambowa alibe vuto ku CRB, mukawalembera choncho apita ku Credit Data kapena TransUnion kukatenga lipoti lawo, akapeza loyera, ndiye kalata yabodza ija ili ndi siginecha yanu. Akakadandaula ku Reserve Bank mukayankha chani? CRB imatchulidwa pokhapokha ngati ndiyo yakanitsa, ndipo apo mumamuuza munthu kuti lipoti munalitenga kuti, kuti ngati muli zolakwika akakonzetse komweko.

Wapakauntala ku Ginnery: Ndimangocheza mayi, komabe zoona zake anthu amamva msanga

Wamaloni ku Limbe: Ndayesa chonchi: "Okondedwa bambo, tikuthokoza kwambiri chifukwa chosankha banki yathu. Ndife achisoni kwambiri kukudziwitsani kuti sitinavomereze pempho lanu chifukwa simukuyenera kulandira ngongoleyi." Bwanji pamenepo?

Madala opuma pantchito: Mwakonza pang'ono koma mwagweranso dzenje lomwe lija. Tamverani liwu loti "sitinavomereze". M'Chichewa munthu akati sindinadye, ndiye kuti akudikira nsima. Bambo a ku Chirimba akawerenga amva kuti simunavomereze pano, mawa mwina. Akweranso minibasi. Ine zaka zonse ndagwira pa desiki ya ngongole ndinaona kuti anthu sakwiya kwenikweni ndi kukanidwa, amakwiya akazindikira kuti munadziwa kalekale inu nkumawayendetsa. Lembani chinthu chotha: "taliunika ndipo sitikupatsani ngongoleyi." Kapena "pempho lanu lakanidwa." Ndipo chikhale m'chiganizo choyamba kapena chachiwiri, munthu asachite kufufuza ngati singano.

Chachiwiri, "simukuyenera" chotsani. Limenelo likuweruza munthuyo, ngati mukuti ndi wosakhulupirika, pomwe bambowa akubweza bwinobwino ku SACCO. Chomwe chalephera ndi masamu. Ndiye kambani za ndalama, osati za iwo.

Wa maloni a timagulu ku Ndirande: Koma madala "lakanidwa" sizikumveka mwamwano? Ine amayi anga akumsika ndikawalembera choncho mawa gulu lonse landithawa. Ine ndimapita ndekha kukawauza pakamwa, chaka chatha gulu lina ndinakhala nalo pansi pa mtengo ola lathunthu mpaka tinasiyana tikuseka

Madala opuma pantchito: Kupita nokha nkwabwino achemwali, naye mnyamatayu awaimbire foni bambowo kalata isanafike. Koma pakamwa mawu amasungunuka, munthu akafika kunyumba amauza mkazi wake zomwe amafuna kumva. Ulemu uli pa kuwatchula bwino, kuwauza zoona, ndi kusawatayitsa ya transipoti. Ngati "lakanidwa" likukulemerani tengani "sitikupatsani ngongoleyi", ndi lofewerapo koma silisiya mpata.

Mayi a kukredit: Ndipo "ndife achisoni kwambiri" ndi za pamaliro izo. Pepani mmodzi akwana. Komanso "okondedwa" kwa bambo aakulu oti simukuwadziwa ayi, ingoti Bambo ndi dzina la bambo awo. Ndiye muikemo manambala awo omwe. 130 kuphatikiza 175 ndi K305,000, pa K420,000 atsala ndi K115,000 ya lendi, chakudya, fizi, zonse. Munthu akaona yekha pamenepo satsutsa, amadziwa mtengo wa thumba la chimanga kuposa ife.

Wamaloni ku Limbe: Nanga ya 40% ija ndiike? Akomplayansi kwathu, oona kuti tikutsata malamulo aja, amachita nayo mantha

Mayi a kukredit: Ine ndimaika. Si chinsinsi, aliyense wa pa desiki amauza makasitomala pakamwa. 40% ya 420 ndi K168,000, munthu akuona yekha kuti 305 yadutsa patali.

Madala opuma pantchito: Apa ndiye tisiyana mayi. Mukalemba nambala ya malire munthu amaitenga ngati lonjezo, akamaliza ya SACCO abwera ndi kalata ija m'manja kuti mesa munati 40%, pomwe chiwongoladzanja chasintha kapena polise yasintha. Ndipotu tawerengani bwino, ngakhale SACCO itatha lero, 175 ikupitirirabe 168. Ndiye musawauze kuti akamaliza ya SACCO zitheka, pa K3,000,000 yomweyo pa miyezi 24 sizithekabe.

Wamaloni ku Limbe: Eee koma madala mwandipulumutsa, ndinatsala pang'ono kulemba zimenezo, ya SACCO yatsala miyezi 5. Nayi ina:

"Bambo,
Taunika pempho lanu la ngongole ya K3,000,000 ndipo sitikupatsani ngongoleyi. Pepani kuti kalata yathu yoyamba sinanene izi momveka, zomwe zinakuyendetsani maulendo angapo.
Chifukwa chake ndi ichi: mumalandira K420,000 pamwezi ndipo mukubweza kale K130,000 ku ngongole ina. Ngongole yathu ikanafuna pafupifupi K175,000 pamwezi, zonse pamodzi K305,000, zomwe zikupitirira malire omwe banki imalola pa malipiro anu. Mapepala anu onse anali okwanira, palibe china chomwe mukuyenera kubweretsa pa pempho ili.
Ngongole inayo ikatha mukhoza kupemphanso ndalama yocheperapo, ndipo tidzaunika pempholo mwatsopano. Ngati manambalawa ndi olakwika, kapena simukukhutira ndi chiganizochi, lemberani amanijala a nthambi ino kapena ofesi yathu yolandira madandaulo."

Mayi a kukredit: Ija yoti palibe china chobweretsa ndiyo ithetse maulendo, isachoke imeneyo. Pansi muike nambala ya foni ya madandaulo yeniyeni yoti imayankhidwa. Ndipo ikhale mu envulopu yomata, musapatsire wa HR wa kuntchito kwawo, muli malipiro a munthu umu.

Wa maloni a timagulu ku Ndirande: Ineyo "tidzaunika mwatsopano" ndikuopa amvabe ngati mwawalonjeza. Bwanji osangowauza ndalama yomwe ingatheke panopa?

Mayi a kukredit: Panopa mpata ndi K38,000 pamwezi, ndi loni ya ma K600,000 ndi kakuti. Imeneyo akambirane pa desiki ngati akuifuna, mukailemba m'kalata yasanduka ofa yoti komiti sinaone.

Wamaloni ku Limbe: Bho, 40% ndaisiya kaye mpaka akomplayansi ayankhe imelo yanga. Pepani wa kalata yoyamba uja ndikukayika ngati amanijala amulole, paja anasayina ndi iwowo. Ndikawapatse mawa mmawa, bambowo anati abweranso Lachinayi