Ndimalemba ntchito zanga m'kope tsiku lililonse, koma ndikulephera kusunga malonjezo. Ndikulakwitsa pati?

Wofunsa (telala):
Moni nonse. Ndine telala, ndimagwira ntchito ndi mtsikana mmodzi amene ndikumuphunzitsa. Kuyambira chaka chatha ndakhala ndikulemba m'kope zonse zimene ndachita pa tsiku. Ndimalemba madzulo ndisanatseke, ndipo sindinadumphepo tsiku. Koma mwezi watha zinandivuta. Ndinalandira oda ya malaya 24. Ndinawerengera kuti malaya amodzi ndimasoka ola limodzi ndi theka, ndiye onse ndi maola 36. Poti ndimakhala pa ntchito maola 8 pa tsiku, ndinalonjeza masiku 5. Anatenga masiku 9, mpaka masiku atatu omaliza ndinkasoka usiku. Mwini oda sanakalipe, anangoti "mukanandiuza chilungamo poyamba." Mawu amenewo akundiwawabe.

Nditatsegula kope kuti ndione pamene nthawi inathawira, ndinangopeza zonga izi: "Lachiwiri: kudula nsalu, kusoka malaya, kukonza zipi, makasitomala." Lachitatu chimodzimodzi. Masamba odzaza, koma palibe limene likundiuza kanthu. Amene mumalemba ntchito zanu, mumalemba bwanji kuti kope likuthandizeni pokonza za kutsogolo?

Wogulitsa zida zomangira:
Mayi, gawani tsamba pawiri, kumanzere zolowa, kumanja zotuluka. Aliyense wosiya nsalu azipereka theka la ndalama, mumulembere lisiti. Mukatero palibe amene angakuvuteni.

Wofunsa (telala):
Zikomo bambo, koma buku la ndalama ndili nalo kale ndipo likuyenda bwino. Vuto langa ndi nthawi.

Kalipentala wamkulu:
Achemwali, kope lanu lilibe mlandu waukulu, kungoti likuyankha funso limodzi lokha lakuti "ndinachita chiyani?" Pokonza za kutsogolo mumafuna yankho la funso lina: "chinanditengera nthawi yaitali bwanji, poyerekeza ndi mmene ndinkaganizira?" Ine ndinaluzapo makasitomala chifukwa cha zomwezi, pa zitseko ndi makabati, mpaka ndinasintha kalembedwe.

Choyamba, siyani kulemba madzulo. Madzulo mutu umakumbukira ntchito yaikulu, umaiwala tating'onoting'ono timene tadya tsiku. Kope likhale pambali pa makina, bolopeni yomangirira ndi chingwe, ndipo muzilemba nthawi imene mukusiya chinthu china n'kuyamba china. Mzere umodzi basi. Musanagwire ntchitoyo, lembani nthawi yoyambira ndi mphindi zimene mukuganiza kuti itenga. Mukamaliza kapena wina akakudulani, lembani nthawi yosiyira ndi kuchuluka kwa zimene zatheka. Mwachitsanzo:

8:10, kulumikiza makolala 6, ndikuganiza mphindi 60. Ndasiya 8:45, atatu atheka, kwabwera woyezetsa.
8:45 mpaka 9:10, kuyeza ndi kusankha sitayilo.
9:10 mpaka 9:55, makolala atatu otsala.

Mwaona? Makolala aja mumati mphindi 60, atenga 80, ndipo mphindi 25 zapita kwa munthu amene simunamuwerengere m'mawa. "Kusoka malaya" sikungakuuzeni zimenezi. Nambala imene munaganiza poyamba ija musaifufute ngakhale ikuchititseni manyazi, chifukwa phindu lonse la kope lili pa kusiyana kwa nambala ziwirizo.

Ndikufunseninso: ola ndi theka lija, munawerengera kuyambira pati mpaka pati?

Wofunsa (telala):
Mwandigwira pamenepo. Ndinawerengera kuchokera pokhala pa makina mpaka kupinda m'munsi. Kudula, kuboola mabowo a mabatani, kusokerera mabataniwo, kudula timaulusi totsalira ndi kusita sindinaziikemo. M'mutu mwanga zimenezo zimakhala ngati si ntchito.

Kalipentala wamkulu:
Ndiye mavuto ndi awiri. Loyamba ndi limenelo, malaya amodzi amatenga nthawi yoposa imene mumanena. Lachiwiri ndi maola 8 aja. Kukhala pa ntchito maola 8 sikutanthauza kuti onsewo apita ku oda yaikulu. Tiyerekeze kuti malaya amodzi amatenga maola awiri, ndipo pa tsiku oda imalandira maola 5 okha. Malaya 24 ndi maola 48, kugawa ndi 5, akukwana masiku pafupifupi 10. Inu munamaliza pa 9 chifukwa chosoka usiku. Izi ndangoyerekeza, nambala zenizeni zituluka m'kope lanu. Lembani motere masabata awiri, musasinthe kagwiridwe ka ntchito, mungolemba.

Mlembi wa mu ofesi:
Ine ndikuona kuti kope ndi lachikale. Ikani alamu pa foni izilira mphindi 15 zilizonse, ikalira muzilemba chimene mukuchita mu Excel kapena Google Sheets. Kumapeto kwa sabata imakuwonkhetserani yokha, palibe kulakwitsa masamu.

Mphunzitsi wa sekondale:
Za kuwonkhetsa mukunena zoona, koma alamu ya mphindi 15 pa maola 8 ndi kulira ka 32 pa tsiku. Munthu ali pakati polumikiza kolala aziimitsa makina ka 32? Ndinayesapo pochonga mayeso, ndinasiya tsiku lachitatu. Njira imeneyo ndi yabwino kwa masiku awiri kapena atatu pofufuza kumene nthawi ikupita, osati ya chaka chonse.

Mayi, musadzione ngati ndinu nokha. Akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, analemba za vutoli mu 1979. Anthu timachepetsa nthawi imene ntchito yathu itenge chifukwa timaiona m'maganizo ikuyenda popanda chopinga, m'malo moyang'ana mmene ntchito zofanana nayo zinayendera m'mbuyomu. Mankhwala ake ndi kufunsa mbiri ya ntchito zakale, ndipo mbiriyo ndi kope lanulo likakhala ndi nthawi.

Mlembi wa mu ofesi:
Chabwino, alamu tiisiye. Komabe pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mudzafufuza bwanji m'kope kuti diresi la mtundu wakuti linatenga maola angati? Mudzatsegula masamba 150?

Kalipentala wamkulu:
Funso labwino. Ine masamba awiri omaliza a kope ndinawasungira zimenezo. Loweruka ndisanatseke ndimakhala pansi mphindi 20, n'kusamutsira kumeneko ntchito iliyonse imene yatha: dzina lake, kuchuluka kwake, maola amene ndinaganiza, maola enieni. Munthu akabwera ndi oda ndimatsegula kumbuyoko, osati pakati. Amene foni imamuyendera bwino asamutsire mu foni, n'chimodzimodzi. Koma masana, manja ali ndi guluu, bolopeni ndi imene imafulumira.

Makaniko:
Ine langa ndi losiyana pang'ono, koma mwina lithandiza. Sindisamala kwambiri za mphindi. Chimene ndimalemba ndi zimene ndayesa n'kukanika. Galimoto ina inkazima ikatentha. Ndinasintha mapulagi, osatheka. Ndinayang'ana pampu ya mafuta, ili bwino. Inadzapezeka kuti ndi sensa. Patatha miyezi inabwera ina ya matenda omwewo, ndinatsegula kope, ndinayambira pa sensa, ntchito ya masiku awiri inatha m'mawa umodzi. Inunso makina akayamba kudumphitsa ulusi, lembani kuti inali nsalu yanji, singano nambala chani, ndipo chinathetsa vutolo n'chiyani.

Chinanso, mzere womaliza wa tsiku uzikhala wa mawa. Osati "kupitiriza malaya", koma "mawa yambira pa mkono wakumanzere wa malaya a nambala 7, ulusi woyera watsala pang'ono." M'mawa simutaya theka la ola kufufuza pamene munasiyira.

Mayi wa saluni:
Ndifunse nawo. Nditawauza atsikana anga kuti azilemba nthawi, anayamba kundiona ngati wapolisi, ndipo zimene ankalemba zinali zabodza. Aliyense ankalemba 9:00, 10:00, 11:00, zoyera bwino. Mtsikana wanuyo mumuuza bwanji?

Kalipentala wamkulu:
Chizindikiro mwachiona kale. Nthawi zikamathera pa 00 ndi 30 zokhazokha, kalembedwe kofanana tsamba lonse, dziwani kuti zalembedwa nthawi imodzi madzulo. Kope loona limakhala ndi 8:47 ndi zofufutafufuta. Koma za mtima wa antchito ndilibe yankho lokwanira. Ine ndinayamba ndi langa, ankaona okha kuti nanenso ndimaphonya. Wina anazolowera, wina mpaka anachoka asanalembepo zoona.

Wofunsa (telala), patatha masabata awiri:
Ndabweranso monga ndinalonjezera mumtima. Ndalemba masiku 10 ogwira ntchito. Masiku awiri oyamba ndinkaiwala kulemba nthawi yosiyira, ndiye ndinayamba kuika kope pamwamba pa nsalu yotsatira kuti ndisaitenge ndisanalembe.

Loweruka nditawonkhetsa ndinakhala kaye chete. Pa maola 80, amene anapita ku maoda aakulu ndi 52, kutanthauza maola 5 ndi mphindi zochepa pa tsiku. Pa maola 28 otsalawo, 11 anapita ku tintchito tobwera mwadzidzidzi monga zipi, kupinda thalauza ndi kuchepetsa m'chiuno. Maola 7 kuyeza ndi kukambirana ndi makasitomala, 6 kuphunzitsa mtsikana ndi kumasula zimene walakwitsa, 4 kukagula ulusi ndi kulimbana ndi makina. M'masiku omwewo ndinasoka malaya 8. Ndinalemba kuti atenga maola 12, mwadala monga ndinkawerengera kale. Atenga 17, kuyambira kudula mpaka kusita.

Tsopano kwabwera oda ya malaya 30. Ndi masamu akale ndikanati maola 45, masiku 6. Ndi kope, malaya amodzi ndi maola awiri ndi mphindi pafupifupi 8, onse 30 ndi maola 64, kugawa ndi 5 ndi masiku 13. Ndawauza masiku 14. Iwo akufuna pa masiku 8, akuti apo ayi apita kwina. Nditani?

Mphunzitsi wa sekondale:
Musatsike pa 14. Mwavutikira nambala imeneyo, ndipo mukudziwa kale mmene lonjezo losweka limawawira.

Kalipentala wamkulu:
Ine sindingaumirire kwambiri pa 14, chifukwa malaya 8 ndi ochepa kuti muwakhulupirire kotheratu. Mukadula 30 a sitayilo imodzi pamodzi, n'kusoka makolala onse kenako mikono yonse, nthawi ya amodzi ikhoza kutsika, koma kuti itsika bwanji kope lanu silinaonebe. Chimene likuonetsa ndi maola 11 a tintchito tija, oposa ola limodzi pa tsiku. Mukatiimitsa, oda ilandira maola 6 pa tsiku, 64 kugawa ndi 6 ndi masiku 11. Kuti mukwanitse pa 8 mukufunika maola 8 athunthu tsiku lililonse, osayeza munthu, osaphunzitsa, makina osavuta. Afunseni ngati angalandire 18 pa tsiku la 8, otsalawo pambuyo pake. Maola 48 a masiku 8 akukwana malaya 22, ndiye 18 akukusiyirani mpata.

Makaniko:
Koma a zipi ndi opinditsa mathalauza aja ndi amene amabwera chaka chonse. Mukawabweza masabata awiri, ena sadzabweranso. Zimenezo kope la nthawi silikuuzani, tsegulaninso buku la ndalama lija muone kuti maola 11 amenewo anabweretsa zingati.

Wofunsa (telala):
Ndaimbira mwini oda, ndawauza za 18 poyamba ndi 12 pambuyo. Akuti akafunsa anzawo, andiyankha mawa. Za zipi sindinaganize bwino, mwina ndizilandira koma ndizikonza zonse pamodzi ikakwana 3 koloko. Alipo amene anayesapo zotere, makasitomala anavomera kudikira?