Zomwe zinachitika: tsamba limodzi lotumizira mayi woyembekezera

Ndinafunsa kuti: "Za m'buku la kusikelo ndingazifupikitse bwanji kuti zikwane tsamba limodzi potumiza mayi kuchipatala chachikulu?"

Zikomo azamba anzanga nonse amene munayankha. Ndinatsata malangizo oti chifukwa chotumizira chikhale pamwamba, kenako masabata a mimba, mbiri ya uchembere, zoyeza pomaliza.

Ndinayesera pa mayi wa mimba yachitatu, masabata 34, amene anachira ndi opaleshoni ulendo watha. Bipi sindinalembe yomaliza yokha. Ndinandandalika 110/70, 130/85 ndi 160/110, iliyonse ndi tsiku lake, kuti a kuchipatala chachikulu aone okha mmene yakwerera. Pansi pake: puloteni mumkodzo 2+, mutu ukuwawa. Adokotala atangowerenga anamugoneka osafunsanso zambiri.

Chimene anayamikira kwambiri ndi chakuti ndinalemba nthawi imene tinamubaya maginiziyamu salufeti, mankhwala oteteza kukomoka, chifukwa jakisoni wotsatira amabayidwa pakatha maola 4. Kungolemba "tapereka" sikuwathandiza.

Chinanso, ngati kuchuluka kwa magazi kapena chindoko sanayeze, lembani "sanayezedwe". Mukasiya mpata, wolandira amaganiza kuti zonse zili bwino. Bukulo lipitebe ndi mayiyo.